Mmene mungayang'anire makamera, imelo ndi mafoni a pantchito popanda kulowerera zachinsinsi za antchito

Katundu akayamba kusowa mushopu, mabwana ambiri amathamangira kumodzimodzi. Amaitana mnyamata woika makamera Lamlungu, antchito kulibe, n'kumanga kamera paliponse pamene waya wafika. Pakatha sabata ziwiri amaona munthu akutuluka ndi thumba, amamuthamangitsa tsiku lomwelo, kanema uja n'kumutumiza pa gulu la WhatsApp la amalonda anzawo. Mwezi wotsatira kukubwera kalata yochokera ku ofesi ya leba, ndipo woberedwa uja ndi amene akuyamba kuyankha mafunso.

Kuyang'anira katundu wanu ndi ntchito yanu n'kololedwa. Chimene chimagwetsa anthu ndi kayang'aniridwe kake. Ndime 21 ya malamulo aakulu a dziko la Malawi imateteza chinsinsi cha munthu aliyense, kuphatikizapo makalata ake ndi zimene amalankhula pafoni, ndipo ufulu umenewu sausiya pageti akamalowa ntchito. Lamulo loteteza mauthenga okhudza anthu la 2024, limene bungwe la MACRA limayang'anira, likufuna kuti wosonkhanitsa zinthu zokhudza munthu akhale ndi chifukwa chomveka, amuuze mwiniwakeyo, asatole zopitirira zimene akufuna, ndipo asazisunge mpaka kalekale. Nkhope ya munthu mukanema, mawu ake ndi imelo yake zonse zili m'gulu limeneli.

Tiyenda ndi chitsanzo chimodzi. Tiyerekeze kuti muli ndi shopu ya zipangizo zomangira, antchito asanu ndi mmodzi, kauntala imodzi, nyumba yosungira simenti kuseri, kompyuta imodzi ya kampani ndi mafoni awiri olandirira maoda.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Buku la katundu ndi malisiti a miyezi itatu yapitayi
- Pepala lojambulapo mapu a malo anu: zitseko, kauntala, chimbudzi, posinthira zovala, podyera
- Makamera ndi bokosi losungira kanema, lija limalembedwa DVR kapena NVR
- Batire losungira magetsi a bokosilo
- Zikwangwani zosafufutika ndi mvula, chimodzi pa khomo lililonse
- Chikalata chodziwitsa antchito, aliyense kope lake
- Imelo ndi masimukhadi olembetsedwa m'dzina la kampani
- Kabuku kolembamo aliyense amene watsegula kanema kapena imelo ya wantchito
- Kabati yokhoma

Gawo 1: Lembani vuto lenileni m'chiganizo chimodzi

Musanagule chilichonse, khalani pansi ndi buku la katundu. Mushopu yathu ija, mwezi wathawu munalowa matumba a simenti 400. Malisiti akuonetsa kuti agulitsidwa 370. Ayenera kutsala 30, koma mukawerenga mukupeza 18. Matumba 12 sakudziwika kumene apita. Chiganizo chanu ndi ichi: "Simenti ikusowa pakati pa nyumba yosungira katundu ndi geti lotulukira."

Chiganizo chimenechi ndicho chikuuzeni kumene kamera ipite ndi kumene isapite. Ndicho mudzayankhenso mukadzafunsidwa chifukwa chimene munajambulira anthu. Mukalephera kulemba vuto ndi manambala, n'kutheka kuti chimene chikukuvutani si kuba ayi, koma kusakhulupirira anthu basi, ndipo kamera siichiza matenda amenewo.

Chenjezo: "ndikufuna kudziwa zimene amachita ndikachoka" si chifukwa chokwanira. Dzifunseninso ngati palibe njira yopepuka. Nthawi zina loko watsopano, kiyi kukhala ndi munthu mmodzi, ndi kuwerenga matumba Lachisanu lililonse zimathetsa nkhani popanda kujambula aliyense.

Gawo 2: Gawani malo anu patatu

Tengani mapu aja. Malo oyamba ndi amene kamera ingaloze mosavuta: geti, khomo la nyumba yosungira katundu, pokwezera katundu m'galimoto, ndi pakauntala pamene ndalama zimasinthira manja. Mushopu yathu makamera anayi akwana, imodzi pa malo aliwonse mwa amenewa.

Malo achiwiri ndi ofunika kusamala. Desiki imene munthu amakhalapo tsiku lonse ndi chitsanzo chake. Kamera ya pakauntala iloze pa kabati ya ndalama ndi manja a wogula ndi wogulitsa, osati pankhope ya kashiya kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Podyera nkhomaliro ndi popumulira palinso m'gulu lomweli; ine ndinganene kuti pasiyeni, chifukwa palibe simenti imene imasungidwa pamenepo.

Malo achitatu ndi oletsedwa kotheratu: chimbudzi, bafa, posinthira zovala, poyamwitsira mwana, ndi chipinda chimene mlonda kapena wantchito wapakhomo amagonamo. Ngakhale nyumbayo ndi yanu, ngakhale mukuganiza kuti katundu amabisidwa kumeneko, musaikeko kamera. Ngati mukukayikira chipinda chosinthira, jambulani njira yopita kumeneko, chitseko chikhale chakumbali kuti chikatseguka m'kati musamaoneke.

Yang'ananinso kumene kamera ya pageti ikufika. Kawirikawiri imatenga khonde la oyandikana nawo kapena zenera la nyumba ya anthu ena. Mabokosi ambiri ali ndi pamene palembedwa `Privacy Mask`. Pamenepo mumajambula kabokosi kakuda pa mbali imene simukufuna, ndipo mbaliyo siijambulidwa n'komwe. Woika makamera akuonetseni pa sikirini asanatsike pa makwerero.

Ku Germany, mu 2021, kampani yogulitsa makompyuta ya notebooksbilliger.de inalamulidwa kulipira chindapusa cha mayuro 10.4 miliyoni chifukwa chojambula antchito ake m'malo ogwirira ntchito, mosungira katundu ndi mopumulira. Eni ake ankati akuteteza katundu. Oyang'anira lamulo anati kukayikira aliyense mwachisawawa sikokwanira, ndipo njira zopepuka zinalipo.

Gawo 3: Lembani chidziwitso, muwerengere anthu, asayine

Gawo ili ndi limene ambiri amalumpha, pomwe ndilo limagwira denga lonse. Chidziwitso chikhale cha tsamba limodzi, m'chinenero chimene antchito anu amamva. Chikalata cha Chingerezi cholimba chimene wokweza matumba wasayina osachimva chidzakuthandizani pang'ono kwambiri. Chinene zinthu izi momveka: chimene chikuyang'aniridwa, chifukwa chake, amene angaone, masiku amene zisungidwe, ndi kumene munthu angadandaule. Mungalembe chonchi:

"Kuyambira pa 1 mwezi wamawa, makamera anayi azijambula pageti, pakhomo la nyumba yosungira katundu, pokwezera katundu ndi pakauntala, usana ndi usiku. Sajambula mawu. Cholinga ndi kuteteza katundu, ndalama ndi anthu. Kanema azisungidwa masiku 14, ndipo oona ndi mwini shopu ndi manijala okha. Imelo ndi mafoni a kampani ndi zogwirira ntchito. Kampani imaona manambala oimbidwa ndi mndandanda wa imelo zotumizidwa. Imelo ingatsegulidwe pokhapokha pali kafukufuku wolembedwa, kapena mwini wake palibe ndipo ntchito yaima. Kampani siyang'ana foni yanuyanu."

Itanani msonkhano, werengani mokweza, lolani mafunso, ndipo perekani sabata imodzi kapena ziwiri makamera asanayatsidwe. Aliyense asayine makope awiri, lina atenge. Wolembedwa ntchito mawa apatsidwe tsiku loyamba, pamodzi ndi kontirakiti.

Kufunika kouza anthu kaye kunaonekera bwino pa mlandu wa Bărbulescu wa ku Romania. Bamboyu anatsegula akaunti ya Yahoo Messenger atauzidwa ndi kampani kuti azilankhulirapo ndi makasitomala. Mu Julaye 2007 abwana ake anamuonetsa masamba 45 a zimene ankalemberana ndi mchimwene wake komanso chibwenzi chake, zina zokhudza thanzi ndi zam'nyumba, kenako anamuchotsa ntchito. Kampaniyo inali ndi lamulo loletsa kugwiritsa ntchito makompyuta pa zinthu za iwe mwini. Komabe mu 2017 khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linapeza kuti ufulu wake unaphwanyidwa, chifukwa makhoti a kwawo sanafufuze ngati anauzidwa pasadakhale kuti mawu enieni a mauthenga ake aziwerengedwa, komanso ngati panalibe njira ina yopepuka. Kuletsa chinthu ndi kuchenjeza kuti muziwerenga ndi nkhani ziwiri zosiyana. Chigamulo cha ku Ulaya sichimanga makhoti a kuno, koma ndime 11 ya malamulo athu aakulu imalola oweruza kuyang'ana milandu yofanana ya kunja pomasulira malamulowo, choncho loya wa wantchito wanu akhoza kubwera nacho.

Chenjezo: siginecha si chilolezo chochita chilichonse. Munthu wofuna ntchito amasayina ngakhale pepala lopanda kanthu, ndipo aliyense amadziwa zimenezo. Siginecha ikungotsimikiza kuti munamuuza. Siingayeretse kamera ya m'chimbudzi.

Gawo 4: Konzani bokosi losungira kanema

Pali zinthu zinayi zoti muchite woika makamera asanachoke.

Choyamba, sinthani pasiwedi. Akaunti ya `admin` ikhale yanu nokha, ndipo pasiwedi yake ilembeni inuyo iye atayang'ana kumbali. Manijala mumutsegulire akaunti yakeyake yongoonera, yosatha kufufuta. Funsani woikayo ngati walumikiza bokosilo ku foni yake poyesa, ndipo achotse inu mukuona. Alipo mashopu amene kanema wake amaonedwa ndi munthu amene anamanga mawaya chaka chatha.

Chachiwiri, zimitsani mawu. Makamera ambiri amakono amabwera ndi maikolofoni. Pezani pamene palembedwa `Audio` muzimitse pa kamera iliyonse. Chithunzi cha pageti chimakuuzani kuti matumba angati atuluka. Mawu amangokupatsani nkhani za m'banja mwa anthu, za matenda, za ngongole ndi za ndale, zimene simunazifune ndipo mukazisunga mwadzisenzetsa katundu.

Chachitatu, ikani nthawi yolondola, dera la nthawi likhale `GMT+02:00`. Ngati bokosilo lili pa intaneti, yatsani `NTP` kuti lizidzikonza lokha. Kwathu kuno magetsi amazimazima, ndipo kabatire kakang'ono ka m'kati mwa bokosi kakatha, wotchi imabwerera kumbuyo magetsi akangozima. Lolemba lililonse yerekezani nthawi ya pa sikirini ndi ya pafoni yanu, mulembe m'kabuku. Kanema wolembedwa tsiku lolakwika ndi mphatso kwa amene mukumuimba mlandu.

Chachinayi, werengerani masiku osungira. Kamera ya mamegapikiselo awiri yoikidwa pa `2 Mbps` imadya malo motere pa tsiku, tikagawa ndi 8 kuti mabiti akhale mabaiti, n'kuchulukitsa ndi masekondi 86,400 a tsiku limodzi:

```
2 ÷ 8 × 86,400 = 21,600 MB
```

Amenewo ndi magigabaiti pafupifupi 21.6 pa kamera imodzi. Makamera anayi ndi 86.4 pa tsiku. Disiki ya terabaiti imodzi idzadzaza m'masiku 11, ya materabaiti awiri m'masiku pafupifupi 23. Mushopu yathu timawerenga katundu Lachisanu lililonse, choncho masiku 14 akukwana kuzindikira kuti chinthu chasowa ndi kubwerera kukaona. Tikufunika magigabaiti pafupifupi 1,210, ndiye terabaiti imodzi yachepa. Gulani ya awiri, ndipo ngati bokosi lanu lili ndi poikira masiku ofufutira kanema wakale, ikani 14 monga munalonjezera m'chidziwitso. Ngati mulibe poikira, lembani m'chidziwitso masiku enieni amene disiki imasunga. Zolembedwa ndi zochitika zizigwirizana.

Bokosilo likhale m'kabati yokhoma, osati pansi pa kauntala pamene aliyense angazule waya. Zikwangwani zikwere tsiku lomwe makamera akuyatsidwa: "Malo ano amajambulidwa ndi makamera pofuna chitetezo," ndi nambala ya foni ya kampani. Makasitomala nawonso ayenera kudziwa.

Gawo 5: Imelo, yambani ndi envelopu

Kalata ili ndi envelopu ndi zam'kati. Imelo ilinso chimodzimodzi. Pa envelopu pali wotumiza, wolandira, tsiku ndi mutu. Mafunso ambiri a bwana amayankhidwa ndi envelopu yokha. Ngati kampani ili pa Google Workspace, woyang'anira akaunti amapeza zimenezi pa `Email Log Search`. Pa Microsoft 365 zili pa `Message trace`. Zonse ziwiri zimakuonetsani kuti imelo inachoka liti, kupita kwa ndani, popanda kutsegula kalatayo.

Tiyerekeze kuti mukukayikira kuti mndandanda wa mitengo yanu yogulira ukupita kwa opikisana nanu pa malonda. Yambani ndi envelopu ya mwezi umodzi. Mukapeza kuti palibe imelo yopita kunja yokayikitsa, nkhani yatha, palibe kalata ya munthu imene mwawerenga. Mukapeza imelo zitatu zopita ku adiresi yachilendo usiku, tsopano muli ndi chifukwa chotsegulira, koma zitatu zokhazo. Lembani m'kabuku tsiku, chifukwa, mayina a otsegula ndi imelo zimene mwatsegula. Mukhale awiri. Mukakumana ndi kalata yooneka kuti ndi ya kuchipatala, ya loya, ya bungwe la apantchito kapena ya m'banja, itsekeni musanamalize kuwerenga, ndipo musaikopere.

Zonsezi zikugwira ntchito pa imelo ya kampani yokha. Mabizinesi ang'onoang'ono ambiri amayendera Gmail ya wantchito, imene anatsegula yekha ali pasukulu. Imeneyo si yanu, ngakhale maoda anu onse ali momwemo. Akaiwala kutuluka pa kompyuta ya kampani, mukapeza imelo yake kapena WhatsApp Web ili yotsegula, tulukanimo osawerenga. Khomo losatseka si chiitano. Lamulo la 2016 loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti limatenga kulowa kapena kutchera mauthenga a pakompyuta popanda chilolezo ngati mlandu, ndipo kukhala bwana sikukupatsani chilolezocho.

Njira yodzitetezera ndi yosavuta: tsegulani adiresi ya ntchito, monga ya maoda kapena ya malonda, imene anthu awiri kapena atatu amaigwiritsa ntchito modziwa kuti ndi ya onse. Munthu akapita ku tchuthi kapena akasiya ntchito, simudzafunika kuthyola bokosi la imelo la wina aliyense. Wosiya ntchito mumupatse tsiku loti achotse zake, kenako tsekani akauntiyo. Musaisiye yamoyo miyezi n'kumawerenga zobwera m'dzina lake.

Gawo 6: Mafoni

Simukhadi ya kampani ilembetsedwe m'dzina la kampani. Ikakhala m'dzina la wantchito, ku Airtel kapena ku TNM mwini wake ndi iyeyo, ndipo akachoka amapita ndi nambala pamodzi ndi makasitomala. Pa laini ya kampani mungaone manambala oimbidwa, nthawi ndi ndalama zimene zapita. Ngati vuto ndi mayunitsi kutha msanga, ikani malire a pamwezi, basi. Palibe chifukwa choimbira nambala imene ikubwerezedwa kuti mumve amene ayankhe.

Kujambula mawu a pafoni ndi nkhani yolemera kuposa pamenepo, chifukwa pali anthu awiri, wantchito ndi kasitomala. Ngati mukufunadi kujambula, mwina pofuna umboni wa maoda, chitani pa laini yodziwika imodzi, wantchito adziwe, kasitomala auzidwe kumayambiriro kwa foni iliyonse, ndipo pakhale foni ina yosajambulidwa yoti munthu aimbire kunyumba mwana akadwala. Ngati WhatsApp Business ya kampani mwailumikiza ku kompyuta yanu kudzera pa `Linked devices`, nenani poyera kuti mumaona mauthenga onse a nambala imeneyo.

Chenjezo lalikulu: foni imene wantchito anagula yekha musaikhudze. Musamulande kuti muone mauthenga, musamukakamize kuitsegula, ndipo musaikemo mapulogalamu aukazitape amene anyamata ena amatsatsa. Kumugulira bandulo ya pamwezi sikusandutsa foniyo kukhala yanu. Ngati mukukhulupirira kuti m'fonimo muli umboni wa kuba, imeneyo ndi ntchito ya apolisi ndi chilolezo cha khoti.

Foni ya kampani yokhala ndi cholondolera malo, kapena galimoto yokhala nacho, ikufunanso malire. Dalaivala akaweruka, kumene wapita ndi kwake. Ngati amaloledwa kupita ndi galimoto kunyumba, gwirizanani polemba kuti kunja kwa nthawi ya ntchito muziyang'ana pokhapokha galimotoyo yasowa.

Gawo 7: Mukapeza kanthu

Tibwerere ku simenti. Lachisanu mwawerenga, matumba awiri asowanso. Musakhale usiku wonse kuonera kanema wa sabata yathunthu. Tengani malisiti, muone masiku amene simenti inatuluka yambiri. Lachitatu panatuluka oda ya matumba 50 nthawi ya 10 koloko m'mawa. Tsegulani kanema wa pokwezera katundu kuyambira 9:45 mpaka 10:40, muwerenge. Mwapeza 52. Bwerezani ndi manijala, nayenso wapeza 52.

Koperani kanemayo pa fulashi yatsopano, kuyambira galimoto isanafike mpaka itatuluka, osadula pakati. Lembani m'kabuku amene wakopera ndi nthawi yake, fulashiyo muikhomere. Chitani tsiku lomwelo, chifukwa bokosi lidzafufuta lokha masiku 14 akakwana.

Tsopano imani kaye. Kanema waonetsa matumba 52, sanaonetse kuba. Mwina kasitomalayo anabweza matumba awiri onyowa sabata yatha ndipo awa anali olowa m'malo, kashiya anangoiwala kulemba. Mwina wokweza anauzidwa ndi kashiya kuti akweze 52. Mwinanso anagwirizanadi ndi dalaivala. Ndime 57 ya lamulo la ntchito la 2000 imafuna zinthu ziwiri munthu asanachotsedwe chifukwa cha khalidwe lake: chifukwa chomveka, ndi mwayi woti adziteteze. Mukalumpha chachiwirichi, khoti loona za apantchito likhoza kupeza kuti munamuchotsa mopanda chilungamo n'kulamula chipukuta misozi, ngakhale kanema wanu ali woyera ngati dzuwa.

Choncho mulembereni kalata yonena mlandu, tsiku ndi nthawi yake. Mupatseni masiku okonzekera, abwere ndi mnzake wa pantchito kapena woimira bungwe lake. Muonetseni kanema yense pamodzi ndi lisiti, ayankhe, zonenedwa zilembedwe. Chigamulo chibwere pambuyo, polemba. Ngati mukupita kupolisi, perekani kope ndipo wolandira asayine m'kabuku.

Kanema wojambulidwa pofuna kuteteza katundu agwire ntchito imeneyo. Mukayamba kumugwiritsa ntchito powerenga mphindi zimene munthu wakhala ku chimbudzi, kapena kuimba foni muli ku maliro kumudzi kuti "ndakuona wakhala pansi, dzuka," mwachoka pa cholinga chimene munalengeza. Foni imene imaonetsa makamera kulikonse kumene muli ndi yesero lalikulu. Mabwana ena amaitsegula kuposa mmene amatsegulira Baibulo.

Nanga kamera yobisika?

Funso limeneli silisowa. Yankho lalifupi ndi loti pewani. Lalitali likuchokera ku Spain, pa mlandu wa López Ribalda. Mu 2009 sitolo ina yaikulu inaona kuti katundu akusowa miyezi ingapo motsatizana, ndalama zake zikukwera kufika mayuro oposa 24,000 m'mwezi umodzi. Manijala anaika makamera oonekera pa makomo ndi ena obisika oloza pa makauntala olipirira. Anajambula masiku khumi, anthu 14 anachotsedwa ntchito. Mu 2019 khoti lomwe lija la ku Ulaya linati ufulu wawo sunaphwanyidwe. Koma onani zimene zinapulumutsa sitoloyo: panali umboni wa manambala kamera isanaikidwe, chikayikiro chinali pa anthu angapo ogwirizana, makamera analoza malo amene makasitomala onse amadutsa, anazimitsidwa akuba atangodziwika, ndipo kanemayo anaonedwa ndi anthu ochepa. Khotilo linanenanso kuti kachikayikiro kakang'ono sikangalungamitse kujambula mobisa. Matumba 12 a simenti, musanayese n'komwe loko ndi kamera yoonekera, safika pamenepo. Ngati mukuona kuti mwafikapo, onanani ndi loya musanagule kamerayo.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kutumiza kanema pa WhatsApp kapena pa Facebook. Ichi ndicho chofala kuposa zonse. Munthu sanaweruzidwe, nkhope yake yafika kale kwa apongozi ake ndi kutchalitchi kwake. Kuwonjezera pa kuphwanya chinsinsi, mwatsegula khomo la mlandu woipitsa mbiri, ndipo zikadzapezeka kuti matumba aja anali olowa m'malo, kanemayo simungamubweze.

Kujambula sikirini ndi foni m'malo mokopera m'bokosi. Chithunzi chimagwedezeka, tsiku silioneka bwino, ndipo kanemayo amatsala m'foni imene ana amaseweretsa kunyumba.

Kulondalonda munthu mmodzi. Mayi wauza abwana kuti ndi woyembekezera, kapena bambo wayamba kukamba zolowa bungwe la apantchito, sabata yomweyo imelo zake zayamba kufufuzidwa. Masiku amenewo akaikidwa pamodzi pamaso pa woweruza, amadzilankhulira okha.

Kusintha zinthu osasintha chidziwitso. Munalengeza makamera anayi, lero alipo asanu ndi awiri, ina ikujambula mawu. Atatu owonjezerawo ndi obisika, ngakhale akuonekera pakhoma.

Kukana wantchito akapempha kuona zimene mwasunga zokhudza iye. Lamulo la 2024 lija limapatsa munthu ufulu wopempha zimenezo. Muonetseni gawo limene iye alimo, mu ofesi, mukusamala nkhope za ena.

Kupatsa pasiwedi wachibale amene sagwira ntchito pashopu kuti "azikuthandizani kuyang'ana." Dzina lake silili m'chidziwitso, ndipo zimene waona madzulo amakazikamba pa bawo.

Kugulitsa kapena kutaya bokosi lakale disiki ili momwemo. Musanalipereke kwa wina, pitani pamene palembedwa `Format` kapena `Initialize` mufufute zonse. Ngati bokosilo linapsa ndi magetsi ndipo silikuyaka, masulani disikiyo, muiboole ndi chobowolera kapena muiphwanye ndi hamala musanaitaye.